CIBVOMEZI CIMODZI, MIYESO IWIRI

Awerengi athu amene amachera khutu ku wailesi anamvapo wolengeza nkhani akunena kuti kwakutikwakuti kwacitika cibvomezi ca 5.8, kapena ca 7.0. Munthu akamva conco amangoganiza kuti kumene nambala yakula ndiko kwagwa nyumba zambiri, ndiponso ndiko kuli maliro ambiri. Nthawi zina zimaterodi. Koma taonani zibvomezi ziwiri izi, zonse za muno mu Afirika.

Pa 29 Febuluwale 1960, kutatsala pang'ono kuti usiku ufike pakati, cibvomezi ca 5.8 cinagwedeza mzinda wa Agadir m'dziko la Morocco. Sicinathe ndi theka la mphindi lomwe, koma anthu osacepera 12,000 anafa, ndipo zigawo zina za mzindawo zinasanduka miulu ya miyala. Tsono mu Febuluwale 2006 kunacitika cina ca 7.0 m'boma la Machaze, m'cigawo ca Manica ku Mozambique. Cimeneci cinamveka kufikira ku Zimbabwe, ku South Africa ndi m'madera ena a Zambia, koma amene anafa naco anali anthu 4. Cacing'ono cinapha zikwi, cacikuru cinapha owerengeka pa dzanja limodzi. Opima sanalakwitse ai. Nkhani ndi yakuti cibvomezi cimafunsidwa mafunso awiri osiyana, ndipo funso liri lonse liri ndi muyeso wake.

Tisanafike pa miyesoyo, tiyambe tadziwa kumene cibvomezi cimacokera. Pansi pa nthaka imene timalima pali thanthwe, ndipo thanthwelo liri ndi ming'alu yaitali. Mbali ziwiri za mng'alu zimakankhana kapena kukokana pang'onopang'ono kwa zaka mazanamazana, koma sizisuntha cifukwa zagwirana zolimba. Tsiku lina kugwirana kuja kumalephera, mbali imodzi n'kutsetsereka mwadzidzidzi, ndipo mphamvu yonse imene inaunjikana imatuluka nthawi imodzi monga umacitira msampha wa uta ukafwamphuka. Malo a pansi pamene thanthwe layambira kuthyoka, akatswiri amawachula kuti fokasi. Ife pano tiwachula kuti gwero la cibvomezi. Gwero liri m'kati mwa dziko, mwina makilomita 10 pansi pa mapazi athu, mwina 30, ndipo m'maiko ena limafika pafupifupi makilomita 700.

Malo a pamwamba, pamene anthu amayenda, amene alunjikana ndendende ndi gwero lija, ndiwo ochedwa episenta. Tingati ndi paliwombo pa gwero, monga timanenera kuti dzuwa liri paliwombo likakhala pamwamba peni-peni pa mutu. Pamene nyuzipepala ijambula kadontho pa mapu ndi kunena kuti cibvomezi cinacitikira apa, ndi paliwombopo pamene ikuonetsa, pakuti mapu alibe njira yoonetsera kuya. Ici ndi cifukwa cake nkhani yonena za paliwombo pokha, osachula kuya kwa gwero, imakhala yoperewera.

Angafunse wina kuti, kodi malo amene palibe anafikako amawadziwa bwanji? Thanthwe likathyoka limatumiza mafunde a mitundu iwiri m'kati mwa dziko. Oyamba ndi aliwiro, amayenda makilomita pafupifupi 6 pa sekondi imodzi, ndipo amafika ngati kugunda kapena mkokomo. Aciwiri amatsalira m'mbuyo, pakuti amayenda makilomita atatu ndi theka pa sekondi, koma ndiwo amagwedeza kwambiri. Ziri ngati mphezi: kung'anima kumafika msanga, bingu limadza pambuyo, ndipo mpata wa pakati pa ziwirizi ukatalika timadziwa kuti mvula ikali kutali. Makina olemba kugwedezeka kwa nthaka amaonetsa nthawi imene mafunde oyamba afika ndi imene aciwiri afika. Kwa cibvomezi cosatalikira kwambiri, mpata uli wonse wa sekondi imodzi umatanthauza makilomita pafupifupi 8. Mpata ukakhala masekondi 25, cibvomezi ciri pa mtunda wa makilomita ngati 200.

Koma makina a pamalo amodzi sanena kuti ndi ca kum'mawa kapena ca kumadzulo. Amangopereka mtunda, monga mbuzi yomangidwa pa cikhomo: tidziwa kutalika kwa cingwe, koma mbuziyo ingakhale mbali iri yonse. Conco wopima amajambula mzere wozungulira pa mapu. Akalandira mtunda wocokera ku makina a pamalo ena aciwiri amajambula mzere winanso, ndipo mizere iwiriyo imakumana pawiri. Mzere wa malo acitatu ndiwo umadula mlandu, cifukwa umapita pamodzi pokha mwa malo awiri aja. Kuya kwa gwero ndiko kumabvuta kupeza koposa, makamaka ngati makina onse ali kutali, ndipo kawiri-kawiri nambala ya kuya imakonzedwanso patapita masiku.

Tsopano funso loyamba: kodi cibvomezi cinali cacikuru motani pa gwero pomwepo? Yankho lake ndilo ukulu wa cibvomezi, umene pa wailesi amati maginichudi. Ndiyo nambala ija ya 5.8 kapena 7.0. Ukulu umapimidwa ndi makina, ndipo cibvomezi cimodzi cimakhala ndi ukulu umodzi wokha, kaya munthu ali pafupi kaya ali tsidya la nyanja. Amene anayambitsa muyesowu ndi Charles Richter wa ku California, m'caka ca 1935. Iye ankapima kutalika kwa mzere umene singano ya makina yalemba pa pepala. Podziwa kuti makina apafupi amalemba mzere waukuru ndipo akutali amalemba waung'ono, anakonza masamu akuti onse aziwerengedwa ngati kuti anali pa mtunda umodzi, wa makilomita 100. Kunena kwina, anacotsamo dala mtunda, kuti patsale ukulu wa cibvomezi cokhaco.

Pali cinthu cimodzi pa muyesowu cimene cimasokoneza anthu, ngakhale ophunzira. Manambala ake sakwera ngati a pa sikelo ya ku msika, pamene makilogalamu 6 amangoposa makilogalamu 5 ndi imodzi. Pano kukwera ndi nambala imodzi ndiko kuti singano yalemba mzere wotalika kakhumi, ndipo mphamvu imene yatuluka yaculuka pafupifupi ka 32. Tiyerekeze ndi cimanga. Ngati mphamvu ya cibvomezi ca 5 iri thumba limodzi, ya ca 6 ndi matumba 32, ndipo ya ca 7 ndi matumba 1,000. Ngakhale manambala ang'onoang'ono a pambuyo pa kadontho si ocepa: kucoka pa 6.8 kufika pa 7.0 mphamvu yawirikiza kawiri.

Tibwerere nazo ku zibvomezi zathu ziwiri. Kucoka pa 5.8 wa ku Agadir kufika pa 6.8 ndi ka 32. Kucoka pa 6.8 kufika pa 7.0 wa ku Machaze ndi kawiri. Tikaculukitsa, tipeza kuti ca ku Machaze cinatulutsa mphamvu yoposa ya ku Agadir ka 60 ndi kupitirira. Izi zikungokulitsa cidabwitso cathu cija.

Dzina la Richter lidakali pakamwa pa anthu ambiri, koma pa zibvomezi zazikuru akatswiri anasiya kale kudalira njira yake. Anapeza kuti cibvomezi cikapitirira 7, mzere wa singano sukula molingana ndi kukula kwa cibvomezico, monga mtsuko wodzaza umene suonetsa ngati mwathiramo cikho cimodzi kapena ndowa. M'caka ca 1979 Thomas Hanks ndi Hiroo Kanamori anabweretsa njira imene ikugwira nchito lero. Iyo imawerenga zinthu zitatu: kukula kwa mbali ya mng'alu imene yatsetsereka, mtunda umene yatsetsereka, ndi kulimba kwa thanthwelo. Anaikonza kuti manambala ake agwirizane ndi akale aja, n'cifukwa cake omvera wailesi sanaone kusintha. Pa muyeso umenewu cibvomezi cacikuru koposa zonse zimene makina analembapo ndi ca ku Chile, ca pa 22 Meyi 1960, cimene cinafika 9.5.

Funso laciwiri ndi lina ndithu: kodi pamalo pano nthaka inagwedezeka motani, ndipo cinacitika n'ciani kwa anthu, ku ziwiya ndi ku nyumba? Yankho lake ndilo ukali wa cibvomezi, umene akatswiri amati intensiti. Kusiyana kwa ukulu ndi ukali aliyense amene anaothapo moto wa pabwalo m'nyengo ya cisanu amakudziwa. Moto ndi umodzi, nkhuni zake ndi zomwezo. Koma wokhala pafupi akubweza miyendo kuti watentha, wa kumbuyo kwake akumva bwino, ndipo amene waima ca ku nkhokwe akunjenjemera. Mukawafunsa kuti moto ndi wotentha motani, adzayankha zosiyana, ndipo onse adzakhala akunena zoona. Kuculuka kwa nkhuni ndiwo ukulu. Kutentha kumene kwafika pa khungu la munthu aliyense ndiwo ukali. Conco cibvomezi ciri ndi ukulu umodzi, koma ukali wake ndi wosiyana mudzi ndi mudzi.

Muyeso wa ukali ndi wakale kuposa wa Richter, pakuti sufuna makina. Umafuna maso ndi makutu. Wodziwika kwambiri umachedwa ndi dzina la Giuseppe Mercalli, wansembe wa ku Italy amene ankaphunzira za mapiri a moto. Iye anaulemba mu 1902, ndipo Harry Wood ndi Frank Neumann a ku Amereka anaukonzanso mu 1931. Uli ndi masitepe khumi ndi awiri, ndipo amalembedwa m'manambala a Ciroma, kuyambira I kufikira XII, kuti asasokonezeke ndi manambala a ukulu. Pa I palibe munthu amamva kanthu. Pa II amamva ndi anthu owerengeka amene angokhala kapena kugona cete. Pa IV ambiri a m'nyumba amamva, mbale ndi mazenera zimalira, koma amene ali kumunda mwina sadziwa n'komwe. Pa V pafupifupi onse amamva, ogona amadzidzimuka, ndipo zinthu zosakhazikika zimagwa. Pa VI anthu amacita mantha ndipo pulasitala wa pa zipupa amagwa apa ndi apo. Pa VII nyumba zomangidwa mofooka zimaonongeka kwambiri pamene zomangidwa bwino zimangong'aluka pang'ono. Pofika pa X nyumba zambiri za njerwa ndi miyala zagwa ndipo njanji zapindika. Pa XII palibe cotsala ciri ciriri.

Pa muyeso uwu ndi pamene nkhani ya Agadir ndi Machaze imamveka. Zinthu zitatu zimalamulira ukali: kutalika kwa mtunda wocokera ku gwero, mtundu wa nthaka imene munthu waimapo, ndi kamangidwe ka nyumba zimene zagwedezeka.

Pa za mtunda, tikumbukire kuti mafunde sayambira paliwombo, amayambira pa gwero. Tiyeni tipime ndi midzi iwiri, wina uli paliwombo peni-peni, wina uli makilomita 40 kucokera pamenepo. Gwero likakhala pa kuya kwa makilomita 10, mudzi woyamba uli makilomita 10 kucokera kumene thanthwe lathyoka, ndipo waciwiri uli makilomita 41. Wina watalikira kanai kuposa mnzake, conco woyamba udzaphwasuka pamene waciwiri udzangoona ming'alu. Koma gwero likakhala pa kuya kwa makilomita 30, monga linaliri la cibvomezi ca ku Salima m'Malawi mu Malichi 1989, mudzi woyamba uli makilomita 30 ndipo waciwiri uli makilomita 50. Kusiyana kwacepa. Cibvomezi cosaya cimalusa koopsa pa malo ang'ono, cakuya cimagawa kugwedeza kwake mofatsirapo pa dera lalikuru. Citsanzo copambana ndi ca pa 24 Meyi 2013 pansi pa nyanja ya Okhotsk, kum'mawa kwa Russia. Ukulu wake unali 8.3, koma gwero linali pa kuya kwa makilomita ngati 600. Cinamveka mpaka ku Moscow, kutali zikwi za makilomita, koma palibe mzinda umene unagwa.

Ku Agadir gwero linali losaya, ndipo linali m'mphepete mweni-mweni mwa mzinda. Mphamvu inali yocepa tikailinganiza ndi ya ku Machaze, koma yonse inathera pa anthu okhala mothithikana, usiku ali m'tulo, m'nyumba za miyala ndi dothi zopanda zitsulo zogwirizitsa zipupa. M'zigawo zakale za mzindawo ukali unafika pa X. Makilomita owerengeka kunja kwa mzinda kuonongeka kunali kocepa kale.

Ku Machaze nako gwero silinali lakuya, makilomita ongopitirira 10, ndipo pafupi nalo nthaka inagwedezeka koopsa, mpaka inang'ambika, m'malo ena mcenga ndi madzi zinatumphuka pansi. Koma kumeneko ndi dera la midzi yotalikirana, ndipo nyumba zambiri ndi za mitengo ndi udzu, zimene zimawerama ndi kuweramuka, ndipo zikagwa siziphwanya munthu monga cipupa ca miyala. Mizinda yaikuru inali kutali. Ku Maputo, makilomita oposa 500 kum'mwera, nyumba zosanja zinayendayenda ndipo anthu anathawira m'miseu usiku, koma ukali wa kumeneko unali wa masitepe apakati, wodzutsa ogona, osati wogwetsa mzinda. Kutali kwina anthu anangomva bedi likugwedezeka, ena sanamve kanthu. Nambala ya 7.0 inali imodzi konseko.

Za nthaka nazo siziyenera kupeputsidwa. Ikani mbale ya phala ndi mwala pa tebulo, ndipo mugwedeze tebulolo. Mwala ungotsata tebulo, koma phala lidzapitirira kutekeseka ngakhale mutasiya. Nthaka yofewa ndi yonyowa, monga ya m'dambo kapena ya m'mphepete mwa mtsinje, imakulitsa mafunde ndi kuwasunga nthawi yaitali. Pa 19 Sepitembala 1985 cibvomezi ca 8.0 cinacitika ku gombe la dziko la Mexico, koma kumene kunafa anthu zikwi zambiri ndi ku mzinda waukuru wa dzikolo, makilomita oposa 350 kucokera paliwombo. Pakati pa mzindawo panamangidwa pa matope a nyanja yakale imene inaumitsidwa. Zigawo za mzinda womwewo zimene ziri pa thanthwe zinapulumuka. Apa tikuona kuti paliwombo sindiye nthawi zonse pamene ukali umaposa.

Muyeso wa ukali uli ndi zofooka zake, ndipo sitizibisa. Cibvomezi cikacitikira m'cipululu kapena pansi pa nyanja, palibe nyumba yakuti igwe ndipo palibe mboni, conco ukali wa pamalopo subvuta kuusowa. Mboni nazo zimakonda kukometsa nkhani, makamaka mantha akali m'mtima. Ndiponso cipupa ca zidina zosaocha cikagwa sizitanthauza zofanana ndi kugwa kwa cipupa ca simenti ndi zitsulo. Cifukwa ca ici wofufuza wodziwa nchito yake sakhulupirira nyumba imodzi kapena munthu mmodzi. Amafunsa anthu ambiri pa mudzi umodzi, amafunsa ngati anali m'nyumba kapena pabwalo, ogona kapena oyenda, amayang'ana kuti mwa nyumba za mtundu wakuti zagwa zingati ndipo zatsala zingati, kenaka ndi pamene amapereka sitepe limodzi la mudzi wonsewo. Akalemba masitepe a midzi yonse pa mapu, amalumikiza midzi ya sitepe lofanana ndi mzere, ndipo pamaoneka mizere yozungulira ngati ya pa citsa ca mtengo. Mizereyo ikathithikana, gwero linali losaya. Ikatalikirana, linali lakuya. Pamene mzere watumphukira kunja mosayembekezeka, kawiri-kawiri pamakhala dambo kapena cigwa ca mtsinje.

M'malingaliro athu, kwa munthu wofuna kumanga sukulu, cipatala kapena mlatho, mapu a ukali ndiwo opindulitsa kuposa nambala ya pa wailesi, pakuti nyumba siigwa ndi mphamvu imene yatuluka makilomita 30 pansi, imagwa ndi kugwedeza kumene kwafika pa maziko ake. Ukulu ndi wothandiza polinganiza cibvomezi cina ndi cinzake, ca ku Chile ndi ca ku Mozambique, ndiponso umadziwika patangopita mphindi zocepa, pamene palibe munthu wafika kumene kwaonongeka.

Pali nchito inanso imene ukali wokha ungaigwire. Makina olemba zibvomezi anayamba kufalikira kumapeto kwa zaka za m'ma 1800, ndipo zibvomezi zonse za kale kuposa apo palibe singano imene inazilemba. Cimene cinatsala ndi makalata, mabuku a m'matauni ndi a m'machalichi, onena kuti belu linalira lokha, citsime cinauma, kapena khoma lakuti linagwa. Cibvomezi cimene cinaononga mzinda wa Lisbon ku Portugal pa 1 Novembala 1755 cimadziwika motere. Akatswiri amawerenga zolembedwazo, amapereka sitepe la ukali ku malo ali onse ochulidwa, amajambula mizere ija, ndipo poona kukula kwa dera limene linagwedezeka amayerekeza ukulu ndi pamene panali paliwombo. N'cifukwa cake mabuku amasiyana pa nambala ya ukulu wa zibvomezi zakale zotere, pamene pa za zimene zinagwa ndi zimene zinatsala amagwirizana.